Chidziwitso chotsekera shopu powerenga katundu: tsiku lotsegulanso

"Abale, kumapeto kwa Juni ndikufuna kutseka shopu kuti tiwerenge katundu. Chidziwitso cha makasitomala ndilembe bwanji, nanga ndinene kuti titseka masiku angati?"

Musanagwire cholembera, yambani mwapeza tsiku lenileni lodzatsegulanso, chifukwa kasitomala akaima pakhomo amangofuna kudziwa chimenecho. Tsikuli musalote, liwerengereni. Sankhani shelefu imodzi yovutirapo, ya tinthu ting'onoting'ono, anthu awiri aiwerenge, wina akutchula wina akulemba, inu mukuyang'ana wotchi. Tinene kuti mitundu 30 ya katundu yawatengera mphindi 40, ndipo m'shopu monse, kuphatikiza kusitolo yakuseri, muli mitundu 900. Ndiye kuti pali mashelefu 30 ngati imeneyo, zomwe ndi mphindi 1,200, kapena kuti maola 20. Mukakhala ndi magulu awiri, gulu lililonse ligwira maola 10. Munthu wowerenga akadutsa maola 7 maso amatopa, amayamba kudumpha mizere, choncho pamenepa pali tsiku limodzi ndi theka. Theka lotsalalo sikuti ndi lopuma ayi. Ndi lobwereza paliponse pamene nambala ya pashelefu yasemphana ndi ya m'buku, komanso lobwezera katundu m'malo mwake. Pamenepa ndi pomwe ambiri amaiwala, n'kulengeza tsiku limodzi, m'mawa mwake makasitomala ali pakhomo makatoni akadali mbwee pansi.

Ndiye masiku ndi awiri. Mawu ake akhoza kukhala otere:

CHIDZIWITSO. Shopu ino idzakhala yotseka Lolemba pa 29 Juni ndi Lachiwiri pa 30 Juni chifukwa tidzakhala tikuwerenga katundu. TIDZATSEGULANSO LACHITATU PA 1 JULAYI, 8 KOLOKO M'MAWA. Amene munalipira kale katundu, dzatengeni pofika Loweruka pa 27 Juni. Pepani chifukwa chokusokonezani.

Onani kuti mulibe mawu akuti "mpaka". Mukalemba kuti "tatseka mpaka Lachitatu", wina amva kuti Lachitatulo mutsegula, wina amva kuti nalonso ndi lotseka, ndipo onse awiri sanalakwe. Tchulani masiku otseka limodzilimodzi, kenako tsiku lotsegula palokha, m'zilembo zazikulu kuposa zina zonse. Dzina la tsiku ndi deti zikhalire limodzi, ndipo muyang'ane pakalendala ya chaka chomwecho. Anthu amakonda kutenga chidziwitso cha chaka chatha n'kusintha pang'ono, mapeto ake pepala likuti Lachitatu pamene detiyo yagwa Lachinayi. Pewaninso "mawa" ndi "sabata yamawa", makamaka pafoni, poti uthenga umatumizidwa kwa ena n'kuwerengedwa patapita masiku atatu.

Pepalalo limateni kukadali sabata yathunthu, lina pakhomo lina pakauntala pomwe anthu amalipirira. Ngati usiku mumatsitsa chitseko chachitsulo, kumbukirani kuti pepala lomatidwa pagalasi limabisika pa masiku enieni amene likufunika, ndiye lina likhale kunja, m'pulasitiki kuopa mvula, pamsinkhu wa maso a munthu. Ngati chidziwitsochi mwachiikanso pafoni, sitetasi ya WhatsApp imafufutika yokha pakatha maola 24, choncho muziikanso tsiku ndi tsiku.

Pali anthu ena amene pepala la pakhomo silingawathandize: okubweretserani katundu. Amenewa aimbireni foni, muwauze tsiku lomaliza kulandira oda. Galimoto ikatsitsa makatoni muli pakati powerenga, ena amalowa m'chiwerengero invoisi yake isanalowe m'buku, ndipo mudzapeza katundu wochuluka kuposa amene buku likunena, osadziwa kumene wachokera. Katundu akafikabe, muikeni pakona payekha, mumulembe chizindikiro kuti asawerengedwe. N'chimodzimodzi ndi katundu wolipiridwa kale amene mwini wake sanabwere kudzatenga. Ameneyo si wanunso, ndiye chifukwa chake chidziwitso chija chili ndi mzere womuitanira. Ndipo kasitomala wozolowerana naye akagogoda kuti mumugulitse kamodzi kokha, kumukana n'kovuta, tikudziwa, koma mukamugulitsa lembani papepala lapadera kuti chachoka n'chiyani ndiponso ngati shelefu yake inali itawerengedwa kale. Kupanda kutero chidzaoneka ngati chabedwa, wantchito n'kukayikiridwa popanda mlandu.

Ngati mukutsekera tchuthi, kalembedwe n'komweko, kungoti musalembe kuti mwapita kutali kapena kuti pamalopo sipakhala munthu. Akuba nawonso amawerenga. Nambala ya foni muikepo pokhapokha ngati pali amene aziyankha.

Mukaona Lachiwiri masana kuti simumaliza, musadikire kuti anthu adzapeze chitseko chotseka. Sinthani pepala madzulo omwewo, mulembe ola latsopano, mwachitsanzo 12 koloko masana, ndipo mashelefu otsalawo muyambe ndi a katundu woyenda msanga kuti enawo mudzamalize mutatsegula. Lachitatu m'mawa, chitseko chisanatseguke, matulani mapepala onse ndi kuchotsa uthenga wa pafoni, chifukwa wodutsa akaona mawu akuti "yotseka" ali patali safika pafupi kuti awerenge deti.