Musanayambe kuwerengera ndalama ya VAT imene mukuti boma likubwezerani

Mphwanga wina amene wangolembetsa kumene bizinesi yake kuno kunja wandiimbira foni ali ndi nkhani ya mnzake wopala matabwa. Mnzakeyo ankayembekezera kuti bungwe lotolera misonkho limubwezera ndalama, koma kalata itabwera inanena kuti iyeyo ndiye ali ndi ngongole ya boma. Mphwangayo ndiye amafunsa kuti, achimwene, kodi za kubwezeredwa VAT zi n'zoona kapena ndi nkhambakamwa chabe? N'zoona ndithu, ndalamayo imabwera. Koma ndati ndilembe pano kuti nonse amene mwangofika mumve, chifukwa mmisiri ameneyu sanaberedwe ndi boma ayi, anaberedwa ndi munthu womugulitsa matabwa. 

Choyamba, mukangolembetsa VAT mwasanduka wotolera msonkho wa boma wopanda malipiro. Mukagulitsa katundu, pamtengo wanu mumawonjezerapo msonkho, ndipo msonkho umenewu pa fomu mudzaupeza pamene palembedwa Output tax. Mukamagula zinthu za bizinesi kwa munthu winanso wolembetsa, naye amakulipiritsani msonkho, umenewo ndiye Input tax. Ikakwana nthawi yotumiza fomu, mumatenga umene mwatolera kwa makasitomala n'kuchotsapo umene mwalipira pogula. Ukachuluka wotolera, chotsalacho mumapereka ku boma. Ukachuluka wolipira pogula, boma ndi limene likuyenera kukubwezerani. Palibe chinsinsi china. Nthawi zambiri kubwezeredwaku kumachitika miyezi yoyamba, pamene mukugula makina ndi katundu wambiri koma makasitomala sanakudziweni.

Ndikupatseni masamu a mmisiri uja monga mmene ndawamvera, pa msonkho wa 15 peresenti. Mlingowu umasiyana dziko ndi dziko: ku South Africa ndi 15 kuyambira mu 2018, ku Britain ndi 20 kuyambira mu 2011, choncho inu ikanipo wa kumene muliko. Anagula matabwa a 46,000, makina ochekera a 23,000, ndipo lendi ya malo ogwirira ntchito analipira 11,500, zonsezi msonkho uli kale m'kati. Kuti mupeze msonkho wobisala mu mtengo wotere, mumachulukitsa ndi 15 n'kugawa ndi 115. Musatenge 15 peresenti ya mtengo wonsewo, chifukwa pa 46,000 mupeza 6,900 pamene msonkho weniweni ndi 6,000, ndipo 900 yoonjezerayo adzati mwanama dala. Ndiye pa matabwa ndi 6,000, pa makina 3,000, pa lendi 1,500, zonse pamodzi 10,500. Nthawi yomweyo anagulitsa makabati ndi zitseko za 41,400, mmene muli msonkho wa 5,400. Pa 10,500 kuchotsapo 5,400 kutsala 5,100. Imeneyo ndi imene ankayembekezera, mpaka anali atalonjeza kale anthu kumudzi kuti awatumizira kena kake ikangolowa.

Asanamulipire, a misonkho anapempha kuona mainvoisi. Zimenezi musadabwe nazo, fomu yoyamba yopempha ndalama kawirikawiri amaiunika. Ya makina inali bwino, ya lendi inali bwino. Ya matabwa inali ndi nambala ya VAT ya kampani ina imene sinamugulitsepo ngakhale msomali. Wogulitsa matabwa uja sanali wolembetsa, anangotenga nambala ya eni ake n'kusindikiza pa pepala lake, 6,000 ija n'kuika m'thumba. Atachotsa invoisi imeneyo, msonkho wolipira pogula unatsika kufika pa 4,500, pamene wotolera unali 5,400 womwewo. Munthu amene amadikira 5,100 anapezeka kuti akuyenera kupereka 900, ndipo m'maiko ambiri pamwamba pake amaikaponso chindapusa ndi chiwongoladzanja. Wamatabwa uja foni yake siikupezekanso.

Chachiwiri ndiye chimenechi, ndipo pano ndichedwapo: boma silibweza chifukwa choti munalipiradi, limabweza chifukwa cha pepala lovomerezeka. Kalisiti kolemba pamanja kongoti mwalipira zakuti sikakwanira. Invoisi ya msonkho imayenera kuonetsa dzina ndi adiresi ya wogulitsa, nambala yake ya VAT, tsiku, nambala ya invoisiyo, katundu amene mwagula momveka bwino, mtengo, ndi msonkho wake. Ikakhala ya ndalama zambiri payeneranso kukhala dzina la bizinesi yanu. Ndikuti la bizinesi, osati lanu lobadwa nalo ngati munalembetsa ngati kampani, osatinso la msuweni amene munamutuma kukatenga katunduyo. Ambiri amagwa pamenepa. Amatuma munthu, wogulitsa n'kufunsa dzina, wotumidwayo n'kutchula lake, basi msonkho wonse wapita.

Nambala ya wogulitsa muziyitsimikiza musanalipire. Mabungwe ambiri otolera misonkho ali ndi malo pa intaneti pamene mumalemba nambalayo n'kuona ngati ilipodi ndiponso dzina la mwini wake. Dzina likasiyana ndi lomwe lili pa invoisi, ndalama zanu zisatuluke. Zizindikiro zina mumaziona ndi maso: munthu akukuuzani mitengo iwiri, wa ndi pepala ndi wopanda pepala, akufuna ndalama pamanja basi, kapena akuti muike mu akaunti ya dzina lina, invoisi akuti atumiza mawa, mawa lake osafika. Ndipo musamasuke chifukwa choti akulankhula chinenero chanu. Zimandiwawa kunena, koma ena mwa amene amachita zimenezi ndi anzathu omwe, amene amadziwa kuti wobwera kumene amachita manyazi kufunsa pepala kwa munthu amene wamulandira bwino.

Ine amene anandipweteka anali wolemba mabuku a ndalama amene ndinamupatsa ntchito yonditumizira mafomu. Ndinkamupatsa mainvoisi onse m'dongosolo, ndalama yake amalandira mwezi ndi mwezi osaphonya, koma fomu ina sanatumize ndipo sanandiuze. Ndalama yanga yobwezeredwa inaima chifukwa cha fomu imeneyo, poti boma silitulutsa ndalama kwa munthu amene mafomu ake ena sanafike, ndipo likapeza ngongole ya msonkho wina limayamba ladzilipira lokha kaye. Nditamufunsa anandiyankha ngati ine ndi amene ndamulakwira. Mpaka lero ndikamuona mtima umandiwira. Ndiye ngakhale muli ndi akauntanti, akaunti ya msonkho ya pa intaneti izikhala m'dzina lanu, muzilowamo nokha kuona zimene zatumizidwa. Pamaso pa lamulo woyankha mlandu ndi inuyo. Chenjeraninso ndi amene amabwera n'kumati akupezerani ndalama yaikulu yobwezeredwa bola muwagawireko. Ndalama yotereyi imachokera ku mainvoisi opeka, ndipo zikadzaululika iwo adzakhala atasowa, dzina lotsala pa fomu ndi lanu.

China, si chilichonse chimene mwagula chimene mungabwezeredwe msonkho wake. Chiyenera kukhala chogwiritsa ntchito pa bizinesi imene imatolera VAT. Zogula za kunyumba ayi. Kudyetsa ndi kumwetsa makasitomala, m'maiko ambiri ayi. Galimoto yaing'ono yonyamula anthu nthawi zambiri amakana, pamene yonyamula katundu amalola. Chinthu chimene mumagwiritsa ntchito konsekonse, monga foni, mumatengako gawo la bizinesi lokha.

Palinso mitundu iwiri ya malonda imene imaoneka ngati yofanana chifukwa konseko kasitomala salipira msonkho, koma kwa inu ndi yosiyana kwambiri. Pali malonda amene msonkho wake ulipo koma uli pa 0 peresenti, monga katundu wogulitsa kunja kwa dziko. Pamenepa simutolera kanthu, komabe msonkho umene munalipira pogula amakubwezerani wonse, n'chifukwa chake otumiza katundu kunja amalandira ndalama pafupipafupi. Ndiye pali malonda amene lamulo linawachotseratu mu VAT, monga lendi ya nyumba zogonamo ndi ntchito zambiri za kubwereketsa ndalama. Pamenepa simutolera, ndipo simubwezeredwanso kalikonse. Ngati mukuchita zonse ziwiri, msonkho wa zinthu monga magetsi mumaugawa. Inu amene mukuganiza zogulitsa katundu wodutsa malire, dziwani kuti 0 peresenti ija imafuna umboni woti katunduyo anatulukadi: mapepala a kasitomu ndi a wonyamula. Kungonena kuti ndinapatsira munthu wa pa basi sikumveka. Umboni ukasowa, amawerengera ngati munagulitsa m'dziko momwemo, msonkhowo n'kutuluka m'thumba mwanu.

Chachinayi, kapena chachisanu kaya, msonkho umene mwatolera si wanu ngakhale uli mu akaunti yanu. Bizinesi ikayamba kuyenda, zinthu zimatembenuka. Mukagulitsa za 115,000, m'menemo 15,000 ndi ya boma, ndipo ngati pogula munalipira msonkho wa 4,000 wokha, mukuyenera kupereka 11,000 pa tsiku loikika. Ndalama imeneyi imanyenga chifukwa imakhala nanu masabata angapo, ndiye foni ya maliro kapena ya fizi ikabwera dzanja limapita pomwepo. Ndaona anthu olimbikira atatseka malo awo chifukwa cha zimenezi. Tsegulani akaunti yachiwiri, kasitomala akalipira muzisamutsirako gawo la msonkho tsiku lomwelo. Mudziwenso kuti m'maiko ambiri msonkho umawerengedwa tsiku limene mwalemba invoisi, osati limene kasitomala walipira. Mukakongoza katundu, boma limafuna gawo lake ngakhale inu simunaone kanthu. Malo ena mabizinesi aang'ono amaloledwa kuwerengera pa ndalama yolowadi, koma zimenezo mumachita kupempha.

Kapemphedwe kake kenikeni n'kosavuta, mwina n'chifukwa chake sindinachedwepo. Nthawi zambiri palibe kalata yapadera, fomu yomwe ija ya nthawi zonse ikaonetsa kuti wolipira pogula wachuluka, pempho lachitika. Ku South Africa fomuyo ndi VAT201, ndipo lamulo limapatsa SARS, bungwe lotolera misonkho la kumeneko, masiku 21 ogwira ntchito kuti ibweze, koma kuwerengako kumatha kuima ngati zimene apempha simunapereke. Onetsetsani kuti akaunti ya ku banki imene ali nayo ndi ya bizinesiyo ndipo anaitsimikiza, apo ayi ndalamayo ingokhala. Akapempha mapepala, tumizani mkati mwa masiku amene alemba m'kalatamo: mainvoisi, umboni woti munalipira, ndi sitetimenti ya ku banki yogwirizana nazo.

Mapepalawo muwasunge ngakhale ndalama italowa kale, chifukwa angathe kubweranso patapita nthawi kudzaunika: ku South Africa ndi zaka 5, ku Britain zaka 6. Malisiti otuluka pa makina a m'sitolo aja amafufutika pakangopita miyezi, makamaka akakhala m'galimoto motentha, choncho ajambuleni tsiku lomwe mwalandira. Invoisi yabwinobwino mukaipeza mochedwa musaitaye, maiko ambiri amalola kuiika pa fomu ya m'tsogolo malinga ngati zaka zoikika sizinadutse. Koma ya nambala yabodza ngati ya mmisiri uja ilibe mankhwala kumeneko. Chimene chamutsalira n'kupereka 900 ija msanga chiwongoladzanja chisanakule, kukanena za wamatabwayo ku bungwe la misonkho, ndi kumusumira ngati angamupeze.