Pachithunzi palembedwa 14, nanga 20 wachokera kuti?

"Aphunzitsi a masamu muli m'gulu muno ndithandizeni. Mwana wanga wa Fomu 2 wabwera ndi funso la maseti. Ajambula mikombero iwiri yolowana: mbali ya mpira wamiyendo alemba 14, pakati 6, mbali ya mpira wamanja 11, kunja 9. Akufunsa kuti osewera mpira wamiyendo ndi angati, mayankho ndi A. 6, B. 14, C. 20, D. 31. Iye wasankha 14 koma amuchongera kuti walakwa. Chavuta n'chiyani?"

Mayi, aphunzitsi achonga bwino, yankho ndi C, 20. Mwana wanu sanalephere kuwonkhetsa ayi, chamusokoneza ndi kawerengedwe ka chithunzicho. Nambala iliyonse imene yalembedwa pa chithunzi cha Venn ndi ya kachigawo komwe yakhalamo basi, si ya mkombero wonse. 14 uja akunena ana amene amasewera mpira wamiyendo wokha, osakhudzako wamanja.

Muuzeni atenge pensulo atsatire mzere wa mkombero wa mpira wamiyendo, auzungulire wonse mpaka abwerere pomwe anayambira. Akamaliza aone manambala amene atsekeredwa mkati. Apeza awiri, 14 ndi 6, chifukwa kachigawo kapakati kaja kali mkati mwa mikombero yonse iwiri. Ana 6 amenewa amasewera masewera onse awiri, ndiye mphunzitsi wa zamasewera akaima pabwalo n'kunena kuti onse a mpira wamiyendo abwere kuno, iwonso adzanyamuka pamodzi ndi 14 aja. Pamodzi akwana 20. Chimodzimodzi a mpira wamanja ndi 11 + 6 = 17.

Taonaninso mayankho anayi omwe anapatsidwa, chifukwa sanangowatola mwachisawawa. 6 ndi yankho la funso lakuti "ndi angati amasewera onse awiri". 14 ndi la "mpira wamiyendo wokha". 31 ndi 14 + 6 + 11, kutanthauza onse amene amasewera china chake mwa ziwirizi. Mayankho olakwikawo ndi mayankho olondola a mafunso ena pa chithunzi chomwechi, n'chifukwa chake mwana akangoona nambala yomwe ili m'maganizo mwake yapezeka pa mndandanda, amasangalala kuti wakhoza. Ine ana anga ndimawaletsa kuyang'ana A, B, C, D asanapeze nambala yawo. Aphimbe mayankho ndi dzanja, adetse ndi pensulo zigawo zomwe funso likufuna, awonkhetse, kenako ayang'ane.

Pali kachizolowezi kena kamene ndimakakonda kwambiri: kuwonkhetsa zigawo zonse kamodzikamodzi, kuphatikizapo chakunja. Apa ndi 14 + 6 + 11 + 9 = 40, ndiye kalasi yonse ili ndi ana 40. Funso likatchula kuti kalasi ili ndi ana 40 ndipo zanu zakwana 46, dziwani kuti mwawerenga anthu ena kawiri. Zimenezi zimachitika kwambiri funso likabwera m'mawu, popanda chithunzi, loti 20 amasewera wamiyendo, 17 wamanja, 9 sasewera chilichonse. 20 + 17 + 9 ndi 46, kuposa kalasi ndi 6, ndipo 6 wopitirirayo ndi ana apakati aja omwe aitanidwa kawiri. M'buku lake lamulo limeneli alipeza litalembedwa motere, pomwe n(A ∪ B) ndi onse a m'mikombero iwiriyo ndipo n(A ∩ B) ndi apakati okha:

```
n(A ∪ B) = n(A) + n(B) − n(A ∩ B)
31 = 20 + 17 − 6
```

Tsopano pali msampha wina umene mwana wanu akumana nawo posachedwa ngati sanakumane nawo kale, ndipo uwu ndi umene umandidetsa nkhawa kwambiri. Nthawi zina manambala a m'chithunzi sakhala chiwerengero cha anthu, amakhala mamembala enieni a setiyo. Tiyerekeze kuti bokosi lonse lili ndi manambala kuyambira 1 mpaka 12, seti A ndi manambala ogawika ndi 2, seti B ndi ogawika ndi 3. Mbali ya A yokha mukhala 2, 4, 8, 10. Pakati pakhala 6 ndi 12. Mbali ya B yokha mukhala 3 ndi 9, ndipo kunja kutsala 1, 5, 7, 11.

Akafunsa n(A ∩ B), ana ambiri amalemba 18 chifukwa awonkhetsa 6 ndi 12. Yankho ndi 2. Kachilembo n kaja kakufunsa kuti zinthuzo zilimo zingati, ndiye 6 ndi chinthu chimodzi, 12 ndi chinthu chachiwiri, monga momwe mungawerengere mbuzi m'khola osalabadira kuti ina ndi yonenepa ina ndi yowonda. Momwemonso n(A ∪ B) ndi 4 + 2 + 2 = 8. Akafunsa n(A′), kutanthauza zonse zomwe sizili mu A, asangothamangira kunja kwa mikombero n'kulemba 4. 3 ndi 9 nawonso sali mu A ngakhale ali mu B, choncho yankho ndi 6.

Nanga adziwa bwanji kuti chithunzi chili patsogolo pake ndi cha mtundu uti? Ayambe wawerenga chiganizo choyamba cha funso, chifukwa kawirikawiri chimanena ngati chithunzicho chikuonetsa chiwerengero cha ana kapena mamembala a seti. Chithunzicho nachonso chimaulula. Ngati ndi ziwerengero, chigawo chilichonse chimakhala ndi nambala imodzi, ndipo nambala yomweyo ikhoza kupezeka m'zigawo ziwiri. Ngati ndi mamembala, chigawo chimodzi chikhoza kukhala ndi manambala angapo omwazikana, koma palibe nambala imene imaoneka kawiri pa chithunzi chonsecho.

Akafika pa mikombero itatu asaope, mfundo yake ndi yomweyi, kungoti zigawo zimakwana 8 tikawerengera chakunja. Tiyerekeze alimi 50. Pakatikati, olima chimanga, mtedza ndi soya zonse, alipo 5. Olima chimanga ndi mtedza popanda soya ndi 7, chimanga ndi soya popanda mtedza ndi 4, mtedza ndi soya popanda chimanga ndi 3. Chimanga chokha 16, mtedza wokha 6, soya yekha 2, kunja 7. Olima chimanga ndi angati? Azungulire mkombero wa chimanga ndi pensulo, apeza zigawo zinayi: 16 + 7 + 4 + 5 = 32. Olima chimanga ndi mtedza ndi 12, osati 7, chifukwa 5 apakatikati aja amalimanso ziwirizi. Apa m'pamene ana amataya malikisi ambiri. Funso likati "mbewu ziwiri zokha" yankho ndi 7 + 4 + 3 = 14, koma likati "mbewu ziwiri kapena kuposerapo" tiwonjezera 5 uja, akhale 19.

Madzulo ano, Mayi, mujambulireni chithunzi choyamba chija papepala loyera, musalembe funso. Mumufunse pakamwa mafunso osiyanasiyana: wamiyendo wokha ndi angati, wamanja ndi angati, osasewera wamiyendo ndi angati, osewera mtundu umodzi wokha ndi angati. Asanatchule nambala, aziloza ndi chala zigawo zomwe akutenga. Mayankho ake akhale 14, 17, 20 ndi 25. Funso lachitatulo ndi 11 + 9, ndipo akakuuzani 11 kapena 9 mudziwe kuti chigawo chimodzi wachisiya, mumubwezere ku chithunzi aloze kachiwiri.