Mawu 75 a Chichewa sangakwane m'masekondi 30

"Achimwene, ine ndimanyamula katundu wa anthu kuchokera kuno ku Joni kupita kumudzi. Ndikufuna kavidiyo ka masekondi 30 koika pa WhatsApp, zithunzi za thiraki ndajambula kale. Pa intaneti akuti mawu 150 ndi miniti imodzi ndiye ndalemba mawu 75 ndendende, koma ndikawerenga zikumafika masekondi 50. Kodi ndine wochedwa kuyankhula kapena chavuta ndi chani? Wanu wa ku Rosettenville."

Ayi bambo, pakamwa panu palibe vuto. Nambala ya 150 ija si yabodza, koma ndi ya Chingerezi, anayeza anthu owerenga Chingerezi, ndipo ikutanthauza mawu awiri ndi theka pa sekondi. Mawu ambiri a Chingerezi ndi tifupitifupi, ena amangotuluka kamodzi basi atha. Ife timamata zinthu zambiri m'mawu amodzi. Taonani "sindinakubweretsereni". Kompyuta ikuuzani kuti amenewa ndi mawu amodzi, chimodzimodzi "ndi" kapena "ku", pomwe pakamwa pakuyenera kugunda kasanu ndi kanayi kuti atuluke onse. Ndiye kuwerenga kuchuluka kwa mawu m'Chichewa kumapusitsa. Chofunika kuwerenga ndi maphatikizo, aja tinkaimba ku pulayimale kuti ba be bi bo bu.

Mwayi wathu ndi woti maphatikizo a Chichewa savuta kuwerenga. Pafupifupi phatikizo lililonse limathera pa a, e, i, o kapena u, ndiye mukawerenga malembo a liwu amenewa mwapeza nambala yake. Muzingoonjezerapo m uja amaima payekha kumayambiriro, monga mu "mtengo" kapena "mpaka", chifukwa nayenso amadya nthawi. Ndipo maina ngati Blantyre muwerenge mmene mumatchulira, Bu-la-nta-ya, osati mmene amalembedwera.

Ine ndikamawerenga pa maiki modekha, moti agogo kumudzi amve osabwereza, ndimayenda maphatikizo pafupifupi 5 pa sekondi. Imeneyi ndi nambala yanga, yanu ikhoza kusiyanako pang'ono, koma tiyambire pamenepo. Mawu a Chichewa mukawasakaniza aatali ndi aafupi amakonda kugwera pa maphatikizo atatu pa mawu amodzi. Ndiye mawu anu 75 aja ndi maphatikizo ngati 225, mukagawa ndi 5 ndi masekondi 45, kuonjezerapo kupuma pakati pa ziganizo ndi 50 yanu ija ndendende. Mwaona eti, masamu akugwirizana ndi wotchi yanu.

Sikiriputi yanu simunanditumizire ndiye ndipeka chiganizo chonga chimene anthu a mathiraki amalemba:

"Timanyamula katundu wanu kuchokera ku Joni mpaka ku Blantyre ndi Lilongwe Lachisanu lililonse."

Mawu ndi 13. Lamulo la pa intaneti lija likuuzani kuti awa ndi masekondi 5 ndi kanyenyeswa. Koma werengani maphatikizo: "timanyamula" yekha ndi 5, "kuchokera" 4, "Lachisanu" 4, "lililonse" 4, onse pamodzi akukwana 37. Kugawa ndi 5, mwadutsa masekondi 7. Chiganizo chimodzi chokha chakuberani masekondi awiri, nanga zikakhala zisanu ndi chimodzi?

Tsopano masekondi 30 aja si onse oyankhulira ayi, apa ndi pomwe ambiri amagwa. Kumayambiriro siyani sekondi imodzi kuti munthu aone kaye chithunzi, chifukwa mukayamba kuyankhula pa ziro penipeni mawu oyamba amatayika, munthu chala chikadali pa foni. Kumapeto siyani masekondi atatu, nambala yanu ili pa sikirini, kanyimbo kakutsika. Kenako kupuma, theka la sekondi pa chiganizo chilichonse, ziganizo 6 ndi masekondi atatu. Mwatsala ndi 23. Kuchulukitsa ndi 5 ndi maphatikizo 115, kutanthauza mawu ngati 38 kapena 40. Inde, theka la zomwe mwalemba likuyenera kupita, pepani.

Ndipo za kupumazi pali kena kake ka chiyankhulo chathu komwe anthu saganizira. M'Chichewa ukamafika pomwe upume, phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto limakokeka, nenani mokweza "lililonse" kumapeto kwa chiganizo mumva kuti "lo" uja watalika. Ndiye chizindikiro cha koma chilichonse chimene mwaika chikukudyerani kawiri, kukokako komanso kupuma kwenikweniko. Chiganizo chondandalika malo, Mwanza, Balaka, Ntcheu, Dedza, Lilongwe, papepala chimaoneka chachifupi koma pa wotchi chimakudabwitsa. Maina a malo ngati amenewa ndi bwino alembedwe pa sikirini, inu mungonena kuti "maboma onse a mumsewu".

Podula musamachotse timawu ting'onoting'ono ngati "ndi" ndi "ku" n'kumati mwadula, sakani aneni aatali aja. Chithunzi chikuonetsa kale anyamata akukweza mafiriji m'thiraki, nanga "timanyamula" akufunikiranji? Chiganizo chija chikhale chonchi:

"Katundu wanu, Joni mpaka Blantyre ndi Lilongwe, Lachisanu lililonse."

Maphatikizo atsika kuchoka pa 37 kufika 26, masekondi 5 ndi pang'ono, uthenga ndi womwewo. Makoma awiriwo abwezako pang'ono koma mwapindulabe.

Mdani wamkulu ndi manambala. Kompyuta ikaona nambala ya foni imati mawu amodzi kapena atatu, pomwe nambala ya kuno ili ndi manambala 10, ndipo mmene timatchulira ife, faifi, sikisi, seveni, eyiti, ambiri ali ndi maphatikizo awiri kapena atatu. Kuiwerenga moti munthu aigwire, atatu, atatu, kenako anayi, ndi masekondi 6 osachepera, ndipo mukayamba ndi +27 kuti akumudzi nawonso aimbe ndiye zaonjezekeranso. M'kavidiyo ka masekondi 30 ine sindingaiwerenge n'komwe, palibe amene amaloweza nambala pa sitetasi, amangojambula sikirini. Nenani kuti "nambala ndi iyi" basi. Mitengo nayo chimodzimodzi, R1 250 muilembe mu sikiriputi mmene muitchulire pakamwa kenako muwerenge maphatikizo ake.

Kuti mupeze liwiro lanu lenileni, tengani ndime ya maphatikizo 100, tsegulani chojambulira mawu cha pa foni, imirirani ndi kuwerenga mokweza ngati kasitomala ali patsogolo panu. Osati chamumtima kapena monong'ona, pamenepo aliyense amathamanga ndipo nambala yake imanama. Jambulani katatu, tengani yomwe yatalika kwambiri. Ngati yatenga masekondi 22 ndiye mumayenda 4.5 pa sekondi, masekondi 23 aja kwa inu ndi maphatikizo 103, osati 115. Akakuwerengerani munthu wina, yezani iyeyo.

Ena akuuzani kuti ingojambulani masekondi 50 omwewo mukathamangitse mu CapCut, pulogalamu yokonzera mavidiyo. Kuti 50 ilowe mu 26 mukufunika pafupifupi 2x, zimenezo palibe angamve kanthu. Ine ndimalekera pa 1.1x, yomwe imasandutsa masekondi 33 kukhala 30, kupitirira apo kupuma kuja kumafupika limodzi ndi mawu ndipo munthu amamveka ngati akuthamangitsidwa. Chizindikiro choti mwadzaza kwambiri mumachimva pa rekodi yomweyo, mpweya ukumveka kukokedwa pakati pa chiganizo, ndipo malembo a liwu akumapeto kwa mawu ayamba kumezedwa.

Ngati mupanganso ya Chingerezi ya makasitomala omwe si a kwathu, pamenepo 150 ija igwira ntchito, masekondi 23 ndi mawu ngati 57. Koma yambani kujambula ya Chichewa, zithunzi muzidule motsata iyoyo, chifukwa uthenga womwewo m'Chingerezi nthawi zambiri umatha msanga, ndipo kudzaza mpata wotsala ndi kanyimbo n'kosavuta kusiyana ndi kupanikiza mawu pa zithunzi zomwe mwadula kale.