Funsani Dokotala: Nambala ya magazi yakwera, kodi khansa yabwereranso?

Adokotala, chaka chatha anandichotsa chithokomiro chonse chifukwa cha khansa, kenako ndinamwa ayodini wa radiyeshoni. Miyezi iwiri yapitayi ndinasiya mapiritsi a levothayirokisini poti ndinkamva bwino, ndipo abale amati mankhwala akachuluka amawononga thupi. Sabata yatha thayirogulobulini wanga anapezeka 1.8, pomwe kale anali 0.2. Ndikungotopa, ndikumva kuzizira, tulo sindikuliona. Kodi yabwereranso? — Mayi wodandaula

Mayi, mtima m'malo. Nambala imeneyi payokha siinanene kuti khansa yabwerera, komanso sindingakutsimikizireni kuti zonse zili bwino, chifukwa magaziwo anayezedwa pa nthawi imene thupi lanu linali litasokonezeka.

Thayirogulobulini ndi puloteni imene imapangidwa ndi maselo a chithokomiro okha, kaya abwinobwino kaya a khansa ya mitundu ya papilale ndi folikyula. Dokotala wa opaleshoni, ngakhale akhale katswiri chotani, amasiya tizidutswa tosaoneka ndi maso. Ayodini munamwa uja ntchito yake inali kupha totsalato, popeza maselo a chithokomiro ndi amene amakoka ayodini kwambiri. Zikatero timayembekezera kuti puloteniyi itsike mpaka pansi pa 0.2 ng/mL munthu akumwa mapiritsi ake.

Koma nambalayi sitiiwerenga yokha. Pambali pake timaona TSH, homoni yochokera m'kachiwalo ka pansi pa ubongo, imene imalamula maselo a chithokomiro kugwira ntchito. Thayirogulobulini ali ngati utsi, TSH ndiye mphepo yokupiza makala: khala laling'ono lomwelo limafuka kwambiri likakupizidwa. Munthu wopanda chithokomiro akasiya mapiritsi kwa milungu itatu kapena inayi, TSH imadutsa 30, ndipo thayirogulobulini akhoza kukwera mwina kakhumi. Kuchoka pa 0.2 kufika pa 1.8 kukugwirizana ndi zimenezi. Kutopa ndi kuzizira mukumvako nakonso n'kwa kusowa homoni.

Apa ndiye ndikufuna tilankhulane bwinobwino. Maganizo akuti "anachotsa, ndiye zatha, mapiritsi n'ngongowonjezera mphamvu" aika anthu ambiri pangozi. Levothayirokisini si mankhwala achilendo m'thupi mwanu, ndi homoni yomweyo imene chithokomiro chinkapanga, ndipo mudzaifuna moyo wanu wonse. Ntchito yake yachiwiri ndi kutsitsa TSH kuti maselo a khansa, ngati alipo otsala, asalimbikitsidwe kukula. N'chifukwa chake amene khansa yawo inali itafalikira timawasunga TSH pansi pa 0.1, pomwe amene achira bwino timawalola pakati pa 0.5 ndi 2. Chimene chimapusitsa n'chakuti mankhwalawa amachoka m'magazi pang'onopang'ono, theka lake pa sabata, choncho munthu amamva bwino kwa masiku angapo n'kuganiza kuti abale aja amanena zoona. Abalewo amakukondani, koma nkhaniyi mukanayamba mwafunsa kuchipatala. Miyezi iwiri yachuluka, mayi.

Pitani sabata ino, musadikire tsiku lolembedwa m'buku. Mukawauze poyera tsiku limene munasiya, pakuti mukabisa angakutumizeni kukajambulitsa zambirimbiri pofunafuna khansa, vuto lili m'botolo losatsegulidwa. Musayambe kumwa awiriawiri kuti mubweze masiku. Mtima ukhoza kuthamanga, makamaka ngati muli ndi vuto la mtima kapena ndinu wachikulire. Mlingo woyambiranso akuuzeni ndi dokotala. Muzimwa m'mawa ndi madzi okha, chakudya chidikire mphindi 30 mpaka 60, ndipo mapiritsi a kashiamu kapena ayironi atalikirane nawo maola anayi.

Pakatha milungu 6 mpaka 8 ayezenso zitatu pamodzi: TSH, thayirogulobulini, ndi asilikali a m'thupi olimbana naye, amene papepala amalembedwa TgAb. Pafupifupi wodwala mmodzi mwa anayi kapena asanu amakhala nawo, ndipo amachititsa nambala ya thayirogulobulini kuoneka yotsika monama. Yesetsani kuyezetsa ku labotale imodzimodzi, chifukwa makina osiyana amapereka manambala osiyana.

Nambala ikabwerera kufupi ndi 0.2, mupitiriza kuyezetsa miyezi 6 mpaka 12 iliyonse. Ikakana kutsika TSH itatsika kale, kapena ikamakwerabe ulendo uliwonse, adzaunika khosi ndi sikani, poti khansayi ikabwerera imakonda kuyambira m'timwanabele ta m'khosi. Kotupa kokayikitsa amakabaya ndi kasingano n'kukayeza, ndipo nthawi zambiri kamachizika ndi opaleshoni ina kapena ayodini wachiwiri. Mukapeza kotupa pakhosi, mawu akasasa osabwerera, kapena kumeza kukamavuta, mukanene tsiku lomwelo.