Maola olipidwa ndi maola ogwira ntchito ndi osiyana

"Abale ndithandizeni, valiyansi ya reti ndi ya efishensi zikundisokoneza, makamaka funso likatchula ayido taimu. Ndizitenga maola ati?"

Achimwene, gwirani ichi kaye: valiyansi ndi kusiyana kwa ndalama zimene mumayenera kulipira antchito ndi zimene mwalipiradi. Reti, malipiro a pa ola, imayendera maola amene mwalipira, efishensi, changu cha pa ntchito, imayendera maola amene anthu agwiradi ntchito. Ine ndimasunga mabuku pa shopu ina yosoka mayunifomu ku Area 25, ndiye ndikupatsani chitsanzo cha komweko.

Tinene kuti standadi, muyezo umene tinaika, ndi maola 2 pa yunifomu imodzi, ola lililonse K1,000. Mwezi umenewo tasoka mayunifomu 400, ndiye kuti timayenera kutha maola 800, ndalama K800,000. Koma talipira maola 1,000 ndipo zatuluka K1,100,000. Tapyola ndi K300,000, funso ndi loti zapita kuti.

Reti ndiyosavuta. Maola 1,000 pa K1,000 ndi K1,000,000, ife talipira K1,100,000, valiyansi ndi K100,000 adivesi, kutanthauza kuti taluza.

Pa efishensi ndi pamene ambiri amagwera. Mukangoti 800 kuchotsa 1,000 mupeza K200,000 adivesi, abwana nkuyamba kukalipira matelala kuti ndi aulesi. Koma tsegulani kabuku ka supavaiza muone, maola 250 mwa amenewo magetsi anali atazima, makina ali zii, anthu angokhala pakhonde kudikira, ena akungosongola choko. Agwira ntchito maola 750 okha basi. Ayido taimu, maola olipidwa koma osagwira ntchito aja, ndi 250 kuchulukitsa K1,000, K250,000 adivesi, ndipo apa mugwiritse reti ya standadi osati imene mwalipira ija, poti kusiyana kwa reti mwawerengera kale. Efishensi yeniyeni ndi 800 kuchotsa 750, maola 50, K50,000 fevarebo, kutanthauza kuti tapindula. Anthu aja amasoka mwachangu kuposa standadi, ndipo zimandiwawa akamanyozedwa pa chinthu choti si vuto lawo.

Muzionkhetsa pomaliza: 100,000 kuphatikiza 250,000 kuchotsa 50,000, ikubwerera 300,000 ija. Ikapanda kubwerera ndiye kuti mwasakaniza maola penapake.

Chinanso, K100,000 ya reti ija musathamangire kunena kuti malipiro akwera. Kwathu kuno kawirikawiri imakhala ovataimu, magetsi akabwera madzulo anthu amatsala mpaka usiku kuti oda ya sukulu ituluke, ndiye kuzima kumodzi komweko kwabala mavaliyansi awiri.

Koma samalani ndi kabuku kaja. Supavaiza wochenjera akhoza kulemba maola 300 m'malo mwa 250, efishensi nkukwera kufika K100,000 fevarebo pomwe totolo siyisuntha, moti poona totolo yokha simungamugwire. Ine ndimafuna ola lililonse lilembedwe ndi chifukwa chake, kaya magetsi, kaya nsalu yachedwa kuchokera ku Bwalo la Njobvu, kaya makina afa, kenako ndimafananitsa ndi zimene alonda analemba pa geti tsiku limenelo.