Chilembo chachikulu m'Chijeremani: der, die kapena das ameneyu akuloza ndani?

"Zikomo achimwene. Ndikuphunzira Chijeremani kuti ndikachite maphunziro a unamwino ku Jeremani. Zoti dzina lililonse limayamba ndi chilembo chachikulu ndinazimva bwinobwino. Koma aphunzitsi andichongera *beim essen*, akuti ndilembe *beim Essen*. Pepala lomwelo andichongeranso *zu Lernen*, akuti ndilembe *zu lernen*. Nanga onsewa si aneni? Chinsinsi chake chili pati?"

Achemwali, aphunzitsi anu achonga bwino malo onse awiri. Chijeremani sichifunsa kuti mawuwo anabadwa ngati mneni kapena mfotokozi. Chimafunsa ntchito imene mawuwo akugwira m'chiganizo chimene mwawaikamo. Akaima pamalo a dzina, amalandira chilembo chachikulu basi. Ndiye ntchito yanu ndi kuphunzira kuona zizindikiro zakuti mawu asanduka dzina.

Zimenezi si zachilendo kwa ife. Tikati "ndikufuna kudya", kudya ndi mneni. Tikati "kudya kwake n'kochititsa manyazi", kudya komweko kwasanduka dzina, ndipo chimene chikutiuza ndi "kwake" amene akutsatira. M'Chijeremani chizindikiro chotere chimabwera patsogolo, ndipo kawirikawiri chimakhala timawu tija toti *der*, *die*, *das*, *ein*, kapena abale ake monga *mein* ndi *dieses*. *Ich will essen* ali ndi mneni, chilembo chaching'ono. *Das Essen* ndi dzina.

Chimene chakupunthwitsani pa *beim Essen* n'chakuti kamawu kolozerako kabisala. *Beim* ndi mawu awiri omatidwa, *bei* ndi *dem*. Chimodzimodzi *zum* ndi *zu dem*, *vom* ndi *von dem*, *ins* ndi *in das*. Mukamasula *beim*, mupeza *dem* ali chilili kuloza *Essen*. Pomwe *zu* wa pa *zu lernen* ali yekha, mulibe *dem* mkati mwake. Ntchito yake n'kungoperekeza mneni. Chilembo chimodzi chokha, m wa kumapetoyo, ndiye chikusiyanitsa *zum Lernen* ndi *zu lernen*.

Tiyeni titenge uthenga umene mungalembere mnzanu wa m'kalasi, tiuyende pang'onopang'ono:

*Es tut mir leid, dass ich heute Abend nicht zum Lernen kommen kann. Ich habe beim Einkaufen etwas Wichtiges vergessen. Am besten treffen wir uns am Montag, um zusammen zu lernen. Das alte Buch habe ich noch, das neue bringe ich mit.*

Munthuyu akupepesa kuti madzulo ano sabwera kudzaphunzira, waiwala chinthu chofunika pamene amagula zinthu, akupempha kuti akumane Lolemba, ndipo buku lakale akadali nalo, latsopano abwera nalo. *Zum Lernen*, *beim Einkaufen* ndi *zu lernen* mwawamvetsa kale. Onani kuti pa *kommen kann* mneni ali ndi chilembo chaching'ono. Mneni aliyense wotsagana ndi *können*, *müssen*, *wollen*, *dürfen*, *sollen* kapena *möchten* amakhalabe mneni, ngakhale atakankhidwira kumapeto kwenikweni kwa chiganizo.

Tsopano *etwas Wichtiges*. *Wichtig* ndi mfotokozi, tanthauzo lake "chofunika". Koma apa palibe dzina limene akulifotokoza. Iye mwini ndiye chinthucho. Zikatere, pambuyo pa *etwas*, *nichts*, *viel*, *wenig*, *alles* ndi *genug*, mfotokozi amalandira chilembo chachikulu: *nichts Neues*, *viel Gutes*, ndiponso mawu ofunira munthu zabwino amene mudzawalemba kangapo konse, *alles Gute*. Njira yodziwira ndi kuyang'ana mchira wa mawuwo. Akawonjezeredwa *-es* kapena *-e* kumapeto, ndipo palibe dzina lowatsatira, asanduka dzina. Akakhala opanda mchira, monga pa *Die Suppe ist etwas kalt*, ndiye kuti *etwas* akungotanthauza "pang'ono" ndipo *kalt* akadali mfotokozi wa msuziwo.

Chiganizo chomaliza cha uthenga uja ndiye ndikufuna tikhalepo nthawi, chifukwa apa ndi pamene amagwa anthu amene alimva bwino lamulo loyamba lija. Munthu akangophunzira kuti *das* ndi chizindikiro cha dzina, amayamba kukweza mawu alionse otsatira *das*, n'kulemba *das Alte Buch*. Ayi. *Das* sakuloza mawu amene wayandikana nawo; akuloza mwini wake, ndipo mwini wake apa ndi *Buch*. Pakati pa awiriwa pakhoza kulowa afotokozi awiri, atatu, onse ndi zilembo zazing'ono: *das alte, schwere Buch*. Mukaona *der*, *die* kapena *das*, yendani ndi chala mpaka mufike pa mawu amene kamawuko n'kawo.

Nanga *das neue bringe ich mit*? Chala chayenda, sichinapeze dzina. Kodi ndiye kuti *neue* wasanduka dzina? Ayi, chifukwa *Buch* watchulidwa kale m'chiganizo chomwecho, ndipo wolemba wangopewa kumubwereza. Tanthauzo likadali *das neue Buch*. Yesani kubwezeretsa dzinalo: likalowa bwinobwino, mfotokozi akhale ndi chilembo chaching'ono. Koma mukalemba *Das Neue macht mir Angst*, kutanthauza kuti zinthu zatsopano zilizonse zimakuopsani, palibe dzina lapafupi loti mulibwezeretse, choncho *Neue* ndiye dzina. Kuchipatala mudzazipeza tsiku ndi tsiku. *Der Kranke* ndi wodwala, *die Angehörigen* ndi achibale ake, *die Auszubildende* mudzakhala inuyo wophunzira ntchito. Onsewa ndi afotokozi amene asanduka mayina a anthu. Koma *der kranke Mann* ali ndi k wamng'ono, pakuti mwini wa *der* ndi *Mann*.

*Am besten* ndi msampha wina wa mtundu womwewu. Mu uthenga uja *Am* wakula chifukwa ali poyambira chiganizo, koma *besten* ndi wamng'ono. Tanena kuti *beim* ndi *zum* amamasulika, ndipo *am* wa pa *am Montag* nayenso ndi *an dem*. Koma *am* wa pa *am besten*, *am schnellsten*, *am liebsten* samasulika; simunganene kuti *an dem besten*. Mawuwa akuyankha funso loti *wie*, motani, osati loti chiyani. Mukafuna kunena "chinthu chabwino koposa", pamenepo mulemba *das Beste*.

Za nthawi nazo zili ndi kachitidwe kake. Pambuyo pa *heute*, *gestern* ndi *morgen*, chigawo cha tsiku chimakula: *heute Abend*, *gestern Nacht*, *morgen Mittag*. Mukakumana ndi *heute abend* m'buku lakale musadabwe, ndimo mmene ankalembera malamulo a kalembedwe asanasinthidwe mu 1996. Mawu omwewo akalandira s kumapeto kuti anene zochitika nthawi zonse, amasiya kukhala dzina: *abends*, *morgens*, *montags*. Chenjerani ndi *morgen*. Wa chilembo chaching'ono ndi "mawa", wa chachikulu ndi "m'mawa". *Heute Morgen* ndi m'mawa wa lero, *morgen früh* ndi mawa m'mawa. Pa ndandanda ya ntchito kuchipatala, kusokoneza awiriwa si nkhani ya mayeso chabe.

Ndinene mosabisa kuti lamulo la chala lija lili ndi malire. Alipo mawu ochepa amene amakana kukula ngakhale *der* kapena *die* ali patsogolo pawo. *Die beiden*, awiriwo, amalembedwa ndi b wamng'ono nthawi zonse. *Der eine*, *der andere*, *die meisten* ndi *etwas anderes* nawonso mwachizolowezi ndi aang'ono. Malamulo amalola kuwakweza ena mwa iwo ngati wolemba akufuna kutsindika, koma inu ingowasiyani aang'ono, simudzalakwa. Amenewa ndi ongoloweza, ndipo ndi ochepa moti akwana pa kapepala kamodzi.

Palinso mayina amene amataya udzina wawo akakumana ndi *sein* kapena *werden*. Timalemba *Ich habe Angst* koma *Mir ist angst*. *Er hat Schuld* koma *Er ist schuld*. Ndi *haben* mumakhala "muli ndi" chinthu, ndiye chinthucho ndi dzina. Ndi *sein* mawuwo akufotokoza mmene munthu alili. *Leid* wa mu *es tut mir leid* ndi wamng'ono chifukwa lero amatengedwa ngati chidutswa cha mneni mmodzi, *leidtun*. Mawu amenewa avutitsa ngakhale eni chilankhulo, pakuti kusintha kwa 1996 kunawalemba *Leid tun*, kenako m'kuwunikanso kwa 2004 ndi 2006 anafika pa kalembedwe ka lero. Mukaona Mjeremani wachikulire akulemba mosiyana ndi buku lanu, nthawi zambiri chifukwa chake n'chimenecho. Pa *recht haben* ndi *Recht haben* zonse ziwiri n'zololedwa. Amene amayang'anira malamulowa ndi bungwe la Rat für deutsche Rechtschreibung, ndipo mukakayika pa mawu amodzi, mtanthauziramawu wa Duden umaonetsa kalembedwe kovomerezeka.

Amene tinadzera Chingerezi tili ndi chizolowezi chimodzi chimene chimatitaya. Tinaphunzira kukweza mfotokozi aliyense wochokera ku dzina la dziko. Chijeremani sichitero: *die deutsche Sprache*, *malawischer Tee*, onse ndi aang'ono chifukwa ndi afotokozi wamba. Chilankhulo chikatchulidwa ngati chinthu, chimakula: *Ich lerne Deutsch*, *auf Deutsch*. Kupatula kwake ndi mawu a malo othera ndi *-er* amene sasintha mchira, monga *Berliner Mauer* ndi *Schweizer Käse*. Amenewa amakula nthawi zonse. Ndiponso *ich* ndi wamng'ono pakati pa chiganizo, pamene *Sie*, *Ihnen* ndi *Ihr* aulemu, amene mudzalembera nawo abwana ndi aphunzitsi, amakula paliponse. Mukalemba *sie* wamng'ono m'kalata yofunsira ntchito, mwanena za mayi wina kapena anthu ena, osati munthu amene mukumulembera. *Du* m'kalata mukhoza kumukweza kapena kumusiya.

Mukamaliza kulemba nkhani, muziiwerenga kachiwiri n'cholinga chimodzi chokha. Zungulizani ndi pensulo *der*, *die*, *das*, *ein* aliyense, *beim*, *zum*, *vom*, *im* aliyense, ndi *etwas*, *nichts*, *viel*, *alles* aliyense, kenako kokani kamzere kuchokera pamenepo kukafika pa mwini wake. Pamene kamzere kathera payenera kukhala chilembo chachikulu, pokhapokha ngati dzina lenileni latchulidwa kale pafupi, kapena mwagunda *am besten* ndi *die beiden*. Mukatero, yang'anani mbali inayo: chilembo chachikulu chilichonse chimene chili pakati pa chiganizo, dzifunseni ngati mungaike *der*, *die* kapena *das* patsogolo pake chiganizo osasokonekera. *Zu Lernen* uja akanagwidwa pamenepa, chifukwa *um zusammen zu das Lernen* si Chijeremani.