Amayi msungichuma anamata pasiwedi pagulu la kwaya, ine ndinaifotokoza: ndinalakwa pati?

"Achimwene, ndine mlembi wa kwaya ya pampingo pathu ku Zomba. Pagulu lathu la WhatsApp tilipo 43. Lachiwiri usiku amayi msungichuma anatumiza mwangozi zilembo zosakanikirana ndi manambala, zooneka ngati pasiwedi. Poti ndimadziwako za makompyuta, ndinayankha pomwepo kuti pasiwediyo ndi yofooka chifukwa muli dzina la mwana wawo ndi chaka chimene anabadwa, ndipo ndinawalangiza mmene angailimbitsire. Amayiwo anafufuta uthenga wawo osanena kanthu, ndipo Lachisanu pokonzekera nyimbo sanandipatse moni. Ndakulemberani pasiwediyo m'munsimu kuti muone nokha. Kodi si yofookadi? Nanga ndinalakwa pati?"

Achimwene, ndiyambe ndi mzere womaliza wa imelo yanu. Ndaudula, suoneka pano, ndipo imeloyo ndaifufuta nditangokopera funso. Koma taonani chimene chachitika. Chinsinsi cha amayi aja chinachoka pafoni yawo kupita kwa anthu ena 42, kenako chinalowa m'bokosi lanu la maimelo otumizidwa, n'kufika kwa ine amene sindiwadziwa n'komwe. Inu munalibe cholinga choipa ngakhale pang'ono. Kungoti munthu sangafotokoze chinthu osachigwira, ndipo pasiwedi ukaigwira umasiya kope lake pamene wadutsa. Pitani mukaifufute mu `Sent`, mukaifufutenso mu `Trash` kapena `Bin`, chifukwa Gmail imasunga zotayidwa masiku 30.

Funso loti kaya ndi yofooka sindiyankha, ndipo si mwano ayi. Kulimba kwa pasiwedi kumayeza chinthu chimodzi chokha: kuti munthu amene sakuidziwa angavutike bwanji kuti ailote. Ikangoonekera pagulu palibenso wolota, aliyense akungowerenga. Pasiwedi ya zilembo 30 zosokonekera ndi pasiwedi ya dzina la mwana zimafanana mphamvu zikakhala pafoni za anthu 43. Loko wa pachitseko akhale wamkulu ngati chibakera, kiyi akagwera pakati pa msika nkhani ya kukula kwa loko yatha. Chofunika ndi kuuza mwini nyumba kuti kiyi wagwa.

Tsopano tione zimene yankho lanu linachita, chimodzi chimodzi, chifukwa apa ndi pamene pali nkhani.

Uthenga wa amayi utangofika, ambiri pagulupo sanadziwe kuti ndi chiyani. Ena anaganiza kuti foni yadzilembera yokha m'thumba, ena kuti kamdzukulu kakuseweretsa foni. Zilembo zopanda tanthauzo anthu amangozidumpha. Inu ndi amene munazipatsa dzina. Mutangolemba kuti "pasiwedi", aliyense anabwerera m'mwamba kukayang'anitsitsa.

Ndikukayikiranso kuti munayankha pokokera uthengawo kumbali, monga timachitira tonse, kuti yankho lioneke pansi pa mawu awo. Ngati ndi choncho, kabokosi kakang'ono ka pamwamba pa yankho lanu kanatenga kope la zilembozo. Amayi atadina `Delete for everyone`, uthenga wawo unachoka n'kutsala mawu oti `This message was deleted`, koma mawu obwerezedwa m'yankho la munthu wina amatha kutsala. Iwo anasesa pakhomo pawo, zinyalala zili pakhomo panu. Kaoneni lero lomwe, ngakhale kuti mwina nthawi yatha, popeza WhatsApp imalola kufufutira onse kwa masiku awiri okha kapena kupitirirako pang'ono.

Koma chimene chinawononga kwambiri ndi kufotokoza kwanu kuja. Tiyerekeze ndi pasiwedi yopeka, `Mphatso@2015`. Munthu woiona amadziwa pasiwedi imodzi. Wina akamumasulira kuti ili ndi dzina la mwana, chizindikiro, kenako chaka chobadwa, ndiye kuti wamupatsa kaphikidwe kake. Anthu ambiri ali ndi kaphikidwe kamodzi ka mapasiwedi awo onse. Amayiwo akasintha, kawirikawiri adzangoika dzina la mwana wachiwiri ndi chaka chake. Ndipo oimba kwaya limodzi amadziwa ana onse a m'nyumbamo, ena mwa iwo anaimba pa ubatizo wa anawo. Choipitsitsa, manambala anayi a chaka ndi amene anthu ambiri amaika ngati PIN ya ndalama za pafoni. Munthu ameneyu ndi msungichuma. Simunangoulula pasiwedi, munaulula mmene amayiwo amaganizira akamabisa zinthu.

Ndiye munayenera kutani? Kuwaimbira foni. Basi. Foni siisiya kope, ndipo munthu amaimva ngakhale atatseka data n'kupita kukagona. Ngati sakuyankha, kuwalembera kumbali, potsegula macheza a inu awiri, osagwiritsa `Reply privately`, chifukwa nayonso imanyamula mawu aja n'kupita nawo. Uthenga wake ndi wa mizere itatu:

"Amayi, pepani kukuvutitsani usiku. Uthenga womaliza umene mwatumiza pagulu la kwaya ukuoneka ngati unalowa mwangozi. Ngati ndi pasiwedi, ufufuteni posankha `Delete for everyone`, kenako muisinthe usiku womwe uno."

Muone zimene mulibe mu uthengawu. Zilembo zija sizinabwerezedwe. Mulibe funso loti "ndi ya chiyani?", ndipo funso limenelo musamafunse. Pasiwedi payokha ndi kiyi wotola pamsewu. Imakhala yoopsa ikadziwika chitseko chake, ndipo munthu wosokonezeka amayankha mosaganiza kuti "ndi ya imelo ya kwaya", mwinanso pagulu pomwepo. Mulinso kamawu kakuti "ngati". Kamawu kameneka kamawapatsa amayiwo mpata. Mwina sinali pasiwedi, mwina ndi nambala ya lisiti. Ngati inalidi, safunika kuvomera kwa inu, angopita kukakonza.

Mlembi nthawi zambiri amakhalanso adimini wa gulu. Ngati ndinu adimini, kuyambira 2022 WhatsApp imakulolani kufufuta uthenga wa munthu wina kuti uchoke kwa onse. Mukanaufufuta mwakachetechete mphindi yomweyo, kenako n'kuimba foni. Ambiri mwa anthu 43 aja akanadzuka m'mawa n'kungopeza malo a uthenga wofufutidwa.

Ena amaganiza kuti kulankhula mofatsa ndi nkhani ya ulemu chabe, yoti mayi wamkulu sadzudzulidwa pamaso pa ana. Ulemuwo ulipo, ndipo inu mukuudziwa kuposa ine. Koma palinso chifukwa cha ntchito. Pa nthawi imeneyo chimene mukufuna ndi chakuti munthu achite zinthu ziwiri mofulumira, kufufuta ndi kusintha. Munthu wochititsidwa manyazi amachita choyamba chokha, chifukwa ndi chimene chimachotsa manyaziwo pamaso pa anthu, kenako amatembenuza foni n'kukhala chete. Amayi msungichuma anachita zomwezo. Sindikukhulupirira kuti anasintha pasiwediyo, ndipo tsopano ndi inu yemwe simungawafunse mosavuta.

Kufufuta kokha sikukwanira. Uthenga ukafika umaonekera pamwamba pa foni ngakhale ili yokhoma, munthu amatha kuuwerenga osatsegula n'komwe WhatsApp. Wina amatha kujambula chithunzi cha sikirini, wina kungoloweza, makamaka poti dzina ndi chaka sizivuta kukumbukira. Palibe njira yodziwira amene anaona. Choncho pasiwedi imene yaonekera, ngakhale kwa mphindi imodzi, yafa. Iyenera kusinthidwa pamalo pamene inali, ndiponso paliponse pamene amayiwo anaigwiritsanso ntchito. Ngati ndi ya Gmail, akalowe mu `Security`, ayang'ane `Your devices`, atulutse foni kapena kompyuta iliyonse imene sakuizindikira, ndipo ayatse `2-Step Verification`, imene imafuna chitsimikizo chachiwiri kuwonjezera pa pasiwedi.

Ngoziyi siichitika chifukwa cha umbuli. Munthu amasunga mapasiwedi penapake pafoni, amakopera imodzi kuti alowe mu imelo, kenako akufuna kumata nambala ya nyimbo kapena uthenga wa zopereka, chala n'kumata chimene chinakopedwa komaliza. Kiyibodi ya Gboard imaonetsa zimene mwangokopera pamwamba penipeni pa zilembo, ndipo mukayatsa kasungidwe kake imazisunga kwa ola limodzi. Pa Windows, amene anayatsa `Win+V` amasungiridwa zinthu 25 zomaliza zimene anakopera. Ngakhale akatswiri zimawachitikira, n'chifukwa chake pulogalamu yosungira mapasiwedi ya KeePass imafufuta yokha chimene mwakopera pakapita masekondi 12. Inenso ndinamatapo pasiwedi ya rauta pagulu la kuntchito kwanga kwakale. Mnzanga wina anangobwera pa tebulo langa n'kunong'ona kuti "uthenga wako uja tauonanso". Ndinasintha zonse asanabwerere n'komwe pampando wake.

Pali mayesero ena awiri amene amagwira anthu odziwako makompyuta ngati inu. Loyamba ndi kumata pasiwedi ya mnzanu pa tsamba la pa intaneti loyeza kulimba, kuti mukhale ndi umboni. Mwaipereka kwa mwini tsamba amene simukumudziwa. Lachiwiri ndi kuiyesa pa imelo ya mwini wake "kungofuna kuona ngati ikugwira". Kumeneko ndi kulowa m'nyumba ya eni, ndipo kuno kwathu lamulo la 2016 loona za zochitika pa intaneti ndi chitetezo chake limaletsa kulowa mu kompyuta kapena mu akaunti popanda chilolezo. Kuti kiyi munachita kutola sikukhala chilolezo.

Si manambala onse amene ali oopsa chimodzimodzi, ndivomere. Manambala 20 a magetsi a ESCOM amagwira pa mita imene anagulidwira yokha, choncho akatayikira pagulu palibe angawabe. Manambala 6 amene WhatsApp imatumiza pa SMS ndi nkhani ina, chifukwa amene wawatenga msanga amatha kulanda akaunti yonse. Koma simufunika kudziwa mtundu wake musanachenjeze. Mukachenjeza pa chinthu chosaopsa, mwangotaya mayunitsi a mphindi imodzi.

Za moni wa Lachisanu uja. Musapepese pagulu, chifukwa mukatero mudzutsanso nkhani imene anthu ayamba kuiwala. Lamlungu mukatuluka m'tchalitchi, apezeni ali okha, kapena mupite ndi mayi mmodzi amene amagwirizana nawo. Munene kuti, "Amayi, ndinalakwitsa kuyankha pagulu, ndinayenera kukuimbirani. Pepani." Musaonjezere zoti cholinga chanu chinali chabwino, akudziwa kale. Akakhululuka, afunseni ngati anasintha, ndipo muwauze poyera kuti chifukwa cha zimene munalemba zija, yatsopanoyo isakhalenso ya dzina la mwana aliyense, ndipo PIN ngati ili chaka isinthidwenso. Akafuna thandizo, atsegulireni tsamba losinthira, muwabwezere foni m'manja, inu muyang'ane kumbali mpaka amalize kulemba.